Makapisozi a Yamikani atha Lamulungu kapena Lolemba?

Lachitatu, 29 Januwale 2025

Mayi a Yamikani: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni masamu, kunyumba kuno takangana kuyambira dzulo. Yamikani anatupa pakhosi sabata yatha, Lachisanu pa 24 tinapita naye kuchipatala ku boma. Anampatsa amokisilini, akuti amwe masiku khumi, makapisozi awiri katatu patsiku. Ine ndikawerenga ndi zala ndikupeza kuti amaliza Lamulungu pa 2 Febuluwale. Bambo ake akuti ayi, ndi Lolemba pa 3. Wolakwa ndani? Funso lachiwiri ndi la apongozi anga, mapiritsi awo a bipi anatenga pa 14 Januwale, a mwezi umodzi. Ndikufuna kudziwa tsiku lenileni lothera chifukwa ndine ndimawaperekeza, ndipo ndi mvulayi sungangodzuka n'kukwera njinga.

Che Bwanali: Mlamu, apa palibe nkhani. 24 kuphatikiza 10 ndi 34. Januwale ali ndi masiku 31, mukachotsa patsala 3. Amuna anu akhoza, apatseni ulemu wawo. Za agogozo musavutike, anatenga pa 14 ndiye kuti akatenganso pa 14. Mwezi ndi mwezi basi.

Aphunzitsi Mwale: Che Bwanali, dikirani kaye. Inu mumamanga mathandala oyanikapo usipa ku Chia kuja. Mukazika mizati khumi pamzere, mipata yapakati pake imakhala ingati? Ndi 9, osati khumi. Masiku nawonso ndi choncho. Lachisanu pa 24 palokha ndi mzati woyamba, tsiku loyamba, ndiye kuti mufike pa tsiku lakhumi mumalumpha mipata 9 yokha.

```
24 + 9 = 33
33 - 31 = 2
```

Tsiku lakhumi ndi Lamulungu pa 2 Febuluwale. Pa 3 mwatchulapo ndi tsiku loyamba limene mwana sakumwanso kanthu. Mayi a Yamikani zala zawo sizinawanamize.

Che Bwanali: Aphunzitsi, mizati yanga mwailowetsa bwanji m'chipatala? Kkkk. Koma ndawerenga panonso ndi zala, zikufikadi pa 2. Chabwino.

Nangozo: Pepani kulowerera. M'kabuku ka kuchipatala ka mwana wanga chaka chatha analemba 10/7. Ine ndinkayesa akunena 10 Julayi, ndinadabwa kuti mankhwala ochepa chonchi akafika bwanji Julayi pamene tinali mu Meyi. Ndinangomumwetsa mpaka anatha. Mayi a Yamikani, taonani m'kabuku mwanumo, mwina tsiku analembamo kale.

Mayi a Yamikani: Eya, mulidi 10/7 yemweyo, ndipo kumbuyo kwake kuli tizilembo tds. Ndimayesa ndi siginecha ya adokotala.

Sisitala Nabanda: Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Nangozo mwandiseketsa, koma si inu nokha, ndili pantchito ambiri ankandifunsa zomwezo. Seveni wapansiyo akuimira masiku a pasabata, ndiye 10/7 ndi masiku khumi, 5/7 masiku asanu. Mukaona 1/12 ndi mwezi umodzi, 2/52 masabata awiri. Tds ndi katatu patsiku, bd kawiri, od kamodzi.

Tsopano mayi a Yamikani, musanalandire chikho kwa aphunzitsi, ndiyankheni ichi. Lachisanulo mwana anamwa kangati?

Mayi a Yamikani: Kamodzi kokha, Sisitala. Mzere unali wautali, pawindo la mankhwala tinafika dzuwa litapendeka, kenako mvula inatitsekera pa depoti. Anamwa madzulo titadya nsima.

Sisitala Nabanda: Ndinadziwa. Ndiye amuna anu akhoza, ngakhale kuti akhoza mwangozi. Masamu a aphunzitsi ndi olondola kwa munthu amene wayamba m'mawa n'kumwa katatu konse tsiku loyambalo. Koma ndani amachoka kuchipatala cha boma m'mawa? Mankhwala amtunduwu ife sitiwerenga pakalendala, timawerenga maulendo akumwa. Katatu patsiku kwa masiku khumi ndi maulendo 30, ndipo pa makapisozi awiriawiri anakupatsani 60. Lachisanu wamwa ulendo umodzi. Kuyambira Loweruka pa 25 kufika Lamulungu pa 2 ndi masiku athunthu 9, maulendo 27, pamodzi 28. Awiri amene anasowa Lachisanu m'mawa ndi masana aja sanapite kulikonse, ali m'kajumbomo, ndipo akumwedwa Lolemba pa 3 m'mawa ndi masana. Mukanaleka Lamulungu usiku mukanapeza makapisozi anayi atsala, n'kumati achipatala anaonjezera dala. Makapisozi otero ndi amene amakagona pawindo chaka chonse, kenako wina akatsokomola amapatsidwa.

Aphunzitsi Mwale: Ndavomera, Sisitala. Ine ndinayankha funso la m'buku, inu mwayankha la m'nyumba. Komabe ndisagonje zonse: tsiku lakhumi ndi pa 2 ndithu, kungoti maola 240 kuchokera Lachisanu madzulo akutha Lolemba madzulo.

Che Bwanali: Ndiye ine ndinakhoza kuyambira pachiyambi! Aphunzitsi bwezani mizati yanga.

Sisitala Nabanda: Che Bwanali khalani pansi, mwakhoza limodzi koma la agogo lija mwalakwa, tifikako. Mayi a Yamikani, chitani chinthu chimodzi pompano. Khuthulirani makapisoziwo m'mbale youma muwerenge. Ngati wa m'mawa uno wamwa kale, maulendo amene adutsa ndi 14: umodzi Lachisanu, 12 kuyambira Loweruka mpaka dzulo, ndi wa lero. Ndi makapisozi 28 amenewo. M'mbalemo muyenera kupeza 32.

Mayi a Yamikani: Ndawerenga kawiri. Alipo 36.

Sisitala Nabanda: Anayi opitirira, maulendo awiri osamwa. Mwanayo ali kusukulu?

Mayi a Yamikani: Ali Fomu 2, anabwerera Lolemba pakhosi pataphwa. Iii, ndazindikira. Ndimamukulungira awiri m'kapepala kuti akamwe masana. Dikirani ndione m'thumba la yunifolomu ya dzulo.

Ayi, si m'thumba. Mng'ono wake akuti amawabwezera m'kajumbo akafika, kuopa kuti ndikalipa. Lolemba ndi Lachiwiri. Mwana ameneyu abwere.

Che Bwanali: Osamumenya mlamu. Madzulo ano angomwa anayi, mawa madzulo anayi, ngongole yatha, tsiku lomaliza likhala lomwe lija. Ine ndimatero ndikakhala panyanja.

Sisitala Nabanda: Ayi, zimenezo musachite. Mankhwalawa amagwira ntchito akakhala m'magazi mosadukiza, ndipo amokisilini amatuluka msanga ndi mkodzo, n'chifukwa chake amamwedwa katatu. Kumwa anayi lero sikukabweza maola amene m'magazi munalibe kanthu Lolemba, kungomutsegula m'mimba mwanayo. Akaiwala n'kukumbukira patapita ola limodzi kapena awiri, amwe pomwepo. Ngati nthawi ya ulendo wotsatira yayandikira, asiye woiwalikawo, amwe wotsatirawo monga mwa masiku onse.

Tsiku lomaliza lasuntha basi. Makapisozi 36 ndi maulendo 18. Lero atsala awiri, masana ndi usiku, kutsala 16. Lachinayi pa 30 mpaka Lolemba pa 3 ndi masiku asanu, maulendo 15. Wotsala mmodziyo ndi Lachiwiri pa 4 Febuluwale m'mawa. Ndiye kunyumba kwanuko nonse awiri mwaluza.

Ndipo musatengeke ndi zoti pakhosi paphwa. Zilonda zapakhosi zina amapereka masiku khumi dala, chifukwa kachilombo kake kakapanda kutheratu kamatha kudzayambitsa matenda a mtima mwa ana a msinkhu umenewu. Matenda ena masiku asanu kapena asanu ndi awiri amakwana, zimatengera chimene walemba wakuonaniyo. Akayambanso kutentha thupi kapena kutuluka tizilonda pakhungu, musadikire Lachiwiri, bwererani naye.

Aphunzitsi Mwale: Nkhani ya masanayi ingathe popanda kumunyamulitsa mankhwala kusukulu. Katatu patsiku ndi maola 8 aliwonse: 6 koloko m'mawa asananyamuke, 2 koloko masana akaweruka, 10 koloko usiku.

Mayi a Yamikani: Aphunzitsi, 10 koloko usiku kwathu kuno ndi pakati pa tulo. Magetsi tilibe, tikadya timagona. Komanso sukulu yake ndi yoyenda ola lathunthu, amafika cha m'ma 3.

Sisitala Nabanda: Musadzivutitse ndi wotchi kwambiri. Podzuka, pofika kunyumba, ndi pogona penipeni, osati pa nsima yamadzulo. Chimene sindifuna ndi chija cha m'mawa, masana, madzulo 6 koloko, kenako maola 12 opanda kanthu. Mukokereni wausikuwo mochedwa mmene mungathere.

Aphunzitsi Mwale: Ine ndikanatchera alamu pafoni. Kudzuka kamodzi kwa masiku asanu ndi limodzi otsalawa sikupha munthu.

Mayi a Yamikani: Foni imagona kotchaja kumsika masiku ena, aphunzitsi. Tiona.

Abiti Saidi: Salamu nonse. Popeza mukukamba za mankhwala kutha, anga ndi awa. Mdzukulu wanga anampatsa amokisilini yemweyo koma waufa wothira madzi uja, botolo limodzi. Linatha pa masiku asanu okha. Kodi sanatibere pamenepa? Kapena ndinathira madzi ochepa?

Sisitala Nabanda: Abiti, munkamwetsa ndi chiyani?

Abiti Saidi: Sipuni yathu ya tiyi. Kakapu kake kanagwera m'phulusa tsiku loyamba.

Sisitala Nabanda: Sanakubereni. Botolo limene ambiri amalandira ndi la mamililita 100 mukathira madzi kufika pa kamzere. Ngati anati mamililita asanu katatu patsiku, muli maulendo 20, kutanthauza masiku asanu ndi limodzi ndi maulendo awiri a tsiku lachisanu ndi chiwiri. Likatha pa masiku asanu ndiye kuti sipuni yanu imanyamula pafupifupi mamililita 7. Masipuni a kukhitchini safanana, ena ndi akuya ngati chipande. Kakapu kakatayika pemphani sirinji yopanda singano. Ndipo amene walemberedwa masiku khumi pa muyezo umenewu akufunika mamililita 150, botolo limodzi silikwana. Akakupatsani awiri, lachiwirilo musathire madzi mpaka loyamba litatha, chifukwa akasungunulidwa sakhalitsa, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Masiku ake amalemba pabotolo.

Mayi a Yamikani: Sisitala, musaiwale apongozi anga.

Sisitala Nabanda: Sindinaiwale. Aphunzitsi, awa ndi anu, piritsi limodzi patsiku, mizati yanu igwira bwino.

Aphunzitsi Mwale: Zikomo pondibwezera choko. Ngati agogo anamwa loyamba tsiku lomwe anatenga, Lachiwiri pa 14 Januwale, lachi 30 tilipeza polumpha mipata 29. 14 ndi 29 ndi 43, kuchotsa 31 wa Januwale, 12. Piritsi lomaliza ndi Lachitatu pa 12 Febuluwale. Lachinayi pa 13 adzadzuka kajumbo kali pululu. Mukatsatira Che Bwanali n'kupita pa 14, agogo akhala tsiku lathunthu osamwa, ndipo pa 14 pomwepo adzamwa masana atachoka pamzere.

Vuto ndi loti achipatala akati mwezi amatanthauza masiku 30, pamene miyezi 7 pachaka ili ndi 31. Majumbo 12 a mapiritsi 30 ndi 360, chaka ndi masiku 365. Munthu wa pa 14 mpaka pa 14 amasowa masiku asanu pachaka ngakhale asaphonye ulendo ndi umodzi womwe.

Che Bwanali: Masiku asanu pachaka chonse, aphunzitsi? Bipi ingakwere ndi zimenezo? Mayi anga amatha sabata osamwa ali bwinobwino akupala mpunga.

Sisitala Nabanda: Bipi sipweteka, Che Bwanali, n'chifukwa chake imagwetsa anthu ali kumunda. Tsiku limodzi mwina silingaphe, koma tsiku limodzi la papepala limasanduka sabata: mupita pa 14 mupeza si tsiku la kiliniki yake, kapena mtsinje wadzadza, kapena ndalama ya njinga palibe. Mayi anuwo muwapititse akayezetse.

Mayi a Yamikani, taonani m'kabuku ka agogo, tsiku lobwerera analemba liti? Ndikuganiza ndi pa 11.

Mayi a Yamikani: Pa 11 Febuluwale ndithu! Mwadziwa bwanji? Ine ndimayesa analakwitsa, chifukwa mwezi sunakwane.

Sisitala Nabanda: Anawerenga masabata anayi, masiku 28, kuti tsikulo ligwere Lachiwiri lomwelo. Mapiritsi awiri otsalawo ndi a pangozi. Anthu ambiri amaona kuti m'kajumbo mudakali awiri n'kumati ndipita akatha, ndiye pamene zimasokonekera. Njira yachidule yosafuna kalendala ndi iyi: masiku 30 ndi masabata anayi ndi masiku awiri. Mukayamba Lachiwiri, lomaliza mumwa Lachitatu, Lachinayi mulibe. Chimodzimodzi masiku khumi ndi sabata imodzi ndi masiku atatu: kuyamba Lachisanu m'mawa, kumaliza Lamulungu usiku.

Limbani wa kabaza: Akuluakulu, ine sindibisa, ndimamwa ma ARV. Ndasamutsa kotengera ndiye ulendo uno akuti andipatsa kaye botolo la 30, osati lalikulu la 90 lija. Akale akutha Lachisanu pa 31, atsopano ndiyamba Loweruka pa 1 Febuluwale. Ine ndimati popeza Febuluwale ndi wamfupi, ndidya bonasi, ndikatenga pa 3 Malichi. Zili bwino?

Aphunzitsi Mwale: Masamu ako ali bwino, Limbani, koma kalendala ikugwetsa. 1 ndi 29 ndi 30. Chaka chino Febuluwale ali ndi masiku 28, osati 29 ngati chaka chatha cha 2024, ndiye lomaliza ndi pa 2 Malichi, Lamulungu. Pa 3 Malichi ndi Lolemba, komanso ndi tchuthi chokumbukira anthu ofera dziko lino. Usadalire kukapeza kiliniki yako yotsegula tsiku limenelo. Tsiku lomaliza lantchito udakali ndi mankhwala ndi Lachisanu pa 28 Febuluwale.

Limbani wa kabaza: Eish, ndinaiwala za pa 3 Malichi, pomwe ndi tsiku limene timanyamula anthu ambiri. Ndiona limene andilembere, likagwera pamenepo ndiwauza.

Sisitala Nabanda: Uwauze pomwepo asanatseke kabuku. Ndipo amenewo si a bipi, Limbani, mpata sufunika ngakhale wa Che Bwanali uja. Ukadzabwerera pa botolo la 90 usamati miyezi itatu, uziti masiku 90. Kuyamba pa 1 Malichi, mwachitsanzo, amatha pa 29 Meyi, osati pa 31.

Nangozo: Ine njira yanga ndi yachimidzi. Kalendala ya kutchalitchi ili pakhoma, tsiku loyamba kumwa ndimalemba 1 ndi pensulo m'kabokosi kake, n'kumapitiriza 2, 3, mpaka 30. Pa 25 ndimazunguliza, ndiye kuyamba kusaka ya thiransipoti. Za kuchotsa 31 zanuzo mutu wanga sugwira.

Aphunzitsi Mwale: Njira yanuyo ndi yabwino kuposa yanga, Nangozo, chifukwa kalendala imadziwa yokha kuti mwezi ukuthera pati. Ana anga a Fomu 1 theka amalakwitsa pa Ogasiti, amayesa ali ndi 30 poti Julayi ali ndi 31.

Lachitatu madzulo

Mayi a Yamikani: Ndabwereranso. Yamikani wamwa wamasana pamaso panga, wavomera mlandu, akuti anzake amamuseka akamameza makapisozi. Koma Sisitala, mwandiphunzitsa chinthu choipa, tsopano ndikuwerenga chilichonse. Ndapita kwa apongozi kukawerenga awo. La lero amwa kale m'mawa. Atsala 11. Zili bwino?

Sisitala Nabanda: Sizili bwino. Kuyambira pa 14 mpaka lero pa 29 ndi masiku 16, pa 30 payenera kutsala 14. Atatu apita kuti?

Aphunzitsi Mwale: Kulikonse kumene apita, tsiku lasintha. 29 ndi 11 ndi 40, kuchotsa 31, lomaliza ndi Lamulungu pa 9 Febuluwale. Lolemba pa 10 alibe kanthu, pamene tsiku la m'kabuku ndi Lachiwiri pa 11.

Che Bwanali: Ndakugwirani, aphunzitsi! M'mawa munati tizichotsa chimodzi, mipata ndi mizati. Tsopano mwaphatikiza 11 yense osachotsa. Bwanji simunaphatikize 10?

Aphunzitsi Mwale: Mwafunsa bwino kwambiri. M'mawa uja tsiku loyambira linali ndi piritsi lake pakati pa amene tikuwerengawo, ndiye linadya limodzi. Apa la lero lili kale m'mimba mwa agogo, silili pa 11 aja. Loyamba la 11 ndi la mawa pa 30. Yambirani pamenepo ngati mukufuna: 30 ndi 10 ndi 40, yankho lomwelo. Funso lodzifunsa nthawi zonse ndi lakuti, la tsiku limene ndikuyambira kuwerengali lili m'kajumbo kapena lamwedwa kale?

Che Bwanali: Mmm. Ndikaganizira ndili m'bwato.

Mayi a Yamikani: Ndawafunsa. Poyamba amati mwina anagwera pansi pa mphasa. Kenako aulula kuti mnzawo wa kumpingo mutu unkamuwawa sabata yatha, anamugawira awiri. Piritsi lachitatulo akukana, koma mdzukulu amene amagona nawo akuti tsiku lina anamwa m'mawa n'kumwanso madzulo poti anaiwala kuti amwa kale.

Sisitala Nabanda: Zonse ziwirizo n'zoopsa kuposa tsiku losowalo. Munthu amene sanayezedwe akamwa a bipi akhoza kuchita chizungulire n'kugwa, ndipo agogo kumwa kawiri ndi chimodzimodzi. Kajumboko kasamakhale kumutu kwawo. Kaya mukasunge inu, kaya mdzukuluyo aziwapatsa limodzi pa phala n'kudula mzere pa kalendala ngati Nangozo. Kuchipatala musadikire pa 11. Pitani Lachiwiri la kutsogoloku, pa 4, ndi kabuku ndi kajumbo komwe, mukanene zoona kuti atatu anasowa motere. Mukanama kuti anatayika, nkhani ya kumwa kawiriyo saimva, pomwe ndi imene akufunika kuidziwa.

Abiti Saidi: Koma akawapatsa tsiku lisanakwane? Ine anandibweza ulendo wina, akuti bwerani tsiku lanu.

Sisitala Nabanda: Zimatengera amene mwamupeza ndi mmene mankhwala alili m'sitolo, sindingakulonjezeni. Akakana kupereka a mwezi, apempheni awiri okha ofikitsa pa 11. Kupita pa 4 kukusiyirani masiku asanu oti muyesenso, kupita pa 10 sikukusiyirani kalikonse.

Mayi a Yamikani: Pa 4 ndi tsiku lomwe Yamikani akumaliza m'mawa, ndiye ndimumwetsa kaye kenako tinyamuke. Chovuta ndi kajumboko. Apongozi akuti mankhwala ndi awo, mtengwa sangawasungire ngati ndi mwana, ndipo akabisa m'chitenje. Bambo a Yamikani akuti akayankhula nawo mawa, koma iwowo pakali pano akungoyendayenda pabwalo kuuza aliyense kuti pa 3 paja anakhoza. Limbani, Lachiwiri 6 koloko ukhale pa mtengo wa mango uja, ndipo ubwere ndi mnzako wachiwiri, apongozi sakwera njinga imodzi ndi ine.